Kalata Yothetsa Kontirakiti: Musanathamangitse Kontirakitala, Werengani Masiku

Nyumba yafika pa lintala, kenako zii. Wilibala yagona chafufumimba pamulu wa mchenga, udzu wayamba kumera m'zipinda, ndipo mlonda yekha ndiye watsala pamalopo. Mukaimba foni, kontirakitala akuti ali ku maliro. Sabata yamawa akuti galimoto yafera panjira. Mtima ukawawa chonchi, ambiri amangolemba pa WhatsApp kuti "musadzapondenso pano," n'kuitana mmisiri wina m'mawa mwake.

Uthenga umenewo ndi umene umasandutsa wolakwiridwa kukhala wolakwa. Malamulo a mapangano amene makhothi a ku Malawi amatsata anachokera ku Mangalande, ndipo pankhaniyi mfundo yake ndi yolimba: munthu wothetsa kontirakiti popanda chifukwa chokwanira, kapena molumpha njira imene kontirakitiyo inaika, angathe kuonedwa kuti iyeyo ndiye waphwanya pangano. Zikatero kontirakitala uja, waulesi yemweyo, amatha kukafuna ndalama za ntchito imene anagwira pamodzi ndi phindu limene akanapeza akanaimaliza. N'chifukwa chake kalata yothetsa kontirakiti siyenda yokha. Imabwera pomaliza, ikutsamira pa zinthu zitatu: ndime ya m'kontirakiti imene yaphwanyidwa, machenjezo amene anaperekedwa kale, ndi nthawi imene wolakwayo anapatsidwa kuti akonze.

Tiyerekeze ndi mayi wina amene akumanga nyumba ya lendi. Wasainirana ndi kontirakitala pangano la K60,000,000, ntchito ya miyezi isanu ndi umodzi. M'panganomo ndime 7 ikuti kontirakitala azigwira ntchito mosalekeza motsata ndondomeko ya masiku imene anagwirizana. Ndime 9 ikuti khoma lonse likhale la mabuloko a simenti a muyeso wolembedwa pa pulani. Ndime 18 ikuti kontirakitala akaphwanya pangano, mwini ntchito amulembere kalata yomupatsa masiku 14 okonzera, ndipo akapanda kukonza, mwini ntchito angathe kuthetsa panganolo ndi kalata yachiwiri. Ndime 21 ikuti makalata otere aziperekedwa pamanja ku ofesi ya kontirakitala, wolandira asaine.

Pa 9 Juni amisiri achoka pamalo osabwerera. Mayi uja wapereka kale K36,000,000, ndipo injiniya wapeza kuti khoma la kum'mawa lamangidwa ndi mabuloko ofumbutuka ukawakanda ndi msomali.

Chinthu choyamba si cholembera ayi, koma galasi lodziyang'anira. Kodi mayiyo analipira zonse zimene zinayenera kulipidwa pofika tsikulo? Kodi anasintha pulani pakati pa ntchito, n'kuwonjezera chipinda, osawonjezera masiku? Ngati iye ndiye analonjeza kubweretsa simenti, kodi inafika? Kontirakitala amene waima chifukwa sanalipidwe ali ndi poyankhira, ndipo makontirakiti ambiri amamulola kuimitsa ntchito pa chifukwa chimenecho. Mayiyo akapeza kuti mbali yake ili bwino, apite kukafufuza ndime imene yaphwanyidwa. "Mwandikhumudwitsa" si chifukwa chothetsera pangano. Chifukwa ndi chakuti ntchito inaima pa 9 Juni mosemphana ndi ndime 7, ndipo khoma la kum'mawa silikugwirizana ndi ndime 9. Komanso cholakwacho chikhale cholemera. Penti yodontha pawindo kapena kuchedwa kwa tsiku limodzi sizingagwetse kontirakiti yonse.

Kenako pamabwera machenjezo. Mayi uja analemba pa 16 Juni kufunsa chifukwa chimene ntchito yaimira. Analembanso pa 30 Juni, ataphatikiza lipoti la injiniya ndi zithunzi zokhala ndi madeti. Makalata awiriwa sathetsa kanthu, koma amatseka pakamwa pa munthu wodzati "sindinkadziwa." Mawu apakamwa olankhulidwa mutaimirira pamulu wa kwale amauluka ndi mphepo. Ngati mwakumana n'kukambirana, lembani mwachidule zimene mwagwirizana tsiku lomwelo, mumutumizire, ndipo kope lina musunge.

Machenjezo akapanda kuphula kanthu, imatuluka kalata yoyamba ya ndime 18, ija yopereka nthawi yokonza. Iyi ndi imene anthu ambiri amailemba mwachisawawa. Iyenera kudzitchula yokha kuti ndi chidziwitso cha pansi pa ndime 18, kuti wolandira asaiyese dandaulo wamba ngati makalata am'mbuyo aja. Inene cholakwa chilichonse pachokha, inenenso chimene kontirakitala achite kuti tinene kuti wakonza. Pakatikati pake pangamveke motere:

"Motsata ndime 18 ya pangano lathu, ndikukudziwitsani kuti mwaphwanya ndime 7 posiya ntchito kuyambira pa 9 Juni, ndiponso ndime 9 pomanga khoma la kum'mawa ndi mabuloko osakwana muyeso. Ndinakulemberani za zimenezi pa 16 Juni ndi pa 30 Juni. Pasanathe masiku 14 kuchokera pamene mwalandira kalatayi, mubweze amisiri pantchito, mugwetse khomalo n'kuyamba kulimanganso ndi mabuloko oyenera, ndipo mupereke ndondomeko yatsopano yomalizira nyumba. Mukapanda kutero, ndidzathetsa pangano monga ndime 18 ikundilolera."

Onani kuti mayiyo sanalamule kuti nyumba yonse ithe m'masiku 14. Chimene mukupempha chikhale chotheka m'nthawi imene mwapereka. Kontirakiti ikapanda kutchula masiku, n'kungoti "nthawi yoyenera," yesani nthawiyo ndi kukula kwa ntchito: kubweza amisiri n'kwa masiku ochepa, kugumula ndi kuthiranso silabu n'kwa masabata.

Tsopano kuwerenga masiku, pamene anthu ambiri amapunthwa. Kalata yalembedwa pa 4 Julayi koma yafika ku ofesi ya kontirakitala pa 7 Julayi, mlembi wa kumeneko wasaina ndi kudinda pa kope la mayiyo. Masiku ayambira pa kulandira, osati pa kulemba, ndipo kawirikawiri tsiku lolandiralo siliwerengedwa. Tsiku loyamba ndi 8 Julayi, la 14 ndi 21 Julayi, ndipo kontirakitala ali ndi tsiku limenelo lonse. Kalata yothetsa ituluke pa 22 Julayi kapena pambuyo pake. Ikatuluka pa 21, ngakhale madzulo, loya wa mbali inayo adzati munthu wake analandidwa nthawi yake. Onaninso ngati kontirakiti ikunena masiku onse a pakalendala kapena masiku ogwira ntchito okha, chifukwa masiku 14 ogwira ntchito amayandikira masabata atatu.

Njira imeneyi si ya anthu omanga nyumba zazing'ono okha. Makontirakiti a bungwe la FIDIC, amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri pa misewu ndi milatho ya ndalama za mabungwe akunja, ali ndi makwerero omwewa. M'makontirakiti ake a 1999, ndime 15.1 imapatsa injiniya mphamvu yolamula kontirakitala kukonza cholakwa m'nthawi yoyenera, ndipo ndime 15.2 imalola mwini ntchito kuthetsa pangano atapereka chidziwitso cha masiku 14. Ndime zimenezi zinayesedwa pamlandu wa kampani ya ku Spain ya Obrascon Huarte Lain ndi boma la Gibraltar, wokhudza msewu wodutsa pansi pa bwalo la ndege. Boma linathetsa kontirakiti mu 2011, ndipo kampaniyo inadandaula, mwa zina, kuti kalata inaperekedwa ku ofesi ya pamalo a ntchito m'malo mwa likulu lake ku Madrid, kumene kontirakiti inatchula. Mu 2014 khothi la ku London linagamula kuti kuthetsako kunali kovomerezeka, popeza kalatayo inafikadi m'manja mwa akuluakulu oyenera a kampaniyo. Boma linapambana, koma adiresi yokha inasanduka mutu wa mkangano m'khothi. Inu tumizani kumene kontirakiti yanena, m'njira imene yanena; imelo ndi WhatsApp zikhale zongoperekeza.

Pa 22 Julayi mayi uja apita pamalo ndi injiniya. Palibe mmisiri, khoma lili chiimire. Ajambula zithunzi, injiniya alemba zimene waona. Tsopano kalata yothetsa ingatuluke, ndipo isachuluke mawu. Itchule pangano ndi deti lake, machenjezo a pa 16 ndi 30 Juni, chidziwitso chimene chinalandiridwa pa 7 Julayi, ndi kuti masiku 14 anatha pa 21 Julayi popanda chokonzedwa. Kenako inene mosazungulira kuti pangano lathetsedwa motsata ndime 18 kuyambira tsiku lakuti. Iuze kontirakitala tsiku lobweza makiyi ndi mapulani, tsiku lodzatenga zida zake, ndi tsiku lodzayezera limodzi ntchito imene yagwiridwa. Itseke ndi mawu oti mwini ntchito sakutaya ufulu wake wofuna chipukutamisozi. Mawu onyoza, monga kumutcha wakuba, asalowemo: sawonjezera mphamvu, amangotsegula mlandu wina woipitsa mbiri. Asaine ndi amene kontirakiti yamupatsa mphamvuyo. Ngati ikuti mwini ntchito, asasaine foromani kapena mlamu amene amayang'anira ntchito.

Bwanji kontirakitala akabwera pa tsiku la 12 ndi amisiri awiri ndi matumba asanu a simenti? Apa mpamene kalata yoyamba ija imaonetsa phindu lake. Poti inatchula zinthu zitatu zoti zichitike, funso n'losavuta: zachitika kapena ayi? Akakonzadi zonse, ufulu wothetsa pa zifukwa zimenezo watha, ngakhale mtima ukadali kuwawa. Ngozi inanso ndi kuzengereza. Masiku 14 akatha inu n'kukhala chete miyezi iwiri, mukumupatsabe ndalama ndi malangizo, angadzanene kuti munamukhululukira, ndipo mungafunike kuyambiranso makwerero onse.

Pangano likatha, musalowetse mmisiri watsopano ntchito yakale isanayezedwe, chifukwa akangoika buloko limodzi umboni wasokonezeka. Katswiri woyeza mtengo wa zomangamanga alembe zimene zamangidwa, zolakwika, ndi katundu amene ali pamalo. Mikisala ndi masikafodi a kontirakitala musazigulitse kapena kuzibisa pokhapokha kontirakiti italola kuzigwira. Masamu ake amayenda chonchi: mayi uja analipira K36,000,000, kontirakitala watsopano akufuna K35,000,000 kuti agwetse khoma lija ndi kumaliza nyumba. Zonse pamodzi ndi K71,000,000, pamene pangano linali la K60,000,000. Kusiyana kwake, K11,000,000, ndiye maziko a zimene angafune kwa kontirakitala woyamba, kuwonjezapo chindapusa cha kuchedwa ngati kontirakiti inachitchula. Asanathamangire ku khothi, aonenso ngati panganolo silikulamula kuyamba ndi mkhalapakati.

Nanga amene munangogwirana chanza, popanda pepala? Pangano lapakamwa ndi pangano ndithu, koma mulibe ndime yotsamira, choncho cholakwa chiyenera kukhala chachikulu zedi, monga kuthawiratu ntchito. Lembanibe chenjezo, perekani nthawi yokwanira, sungani umboni. Ndipo ngati ndalama zake ndi mamiliyoni ngati a mayi uja, loya aone kalata yopereka masiku ija isanatuluke pakhomo panu, osati itabwerera ndi samani.