Kulengeza Nthawi Yatsopano ya Mapemphero Kuti Okalamba ndi Akutali Asatsalire

Mpingo ukasintha nthawi yoyambira mapemphero, uthengawo sufika kwa akhristu onse nthawi imodzi. Oyamba kumva amakhala amene anali m'tchalitchi tsiku lolengeza, amene amakhala pafupi ndiponso amene ali ndi mafoni. Omalizira amakhala agogo amene sayenda Lamulungu lililonse, odwala, ndi mabanja a m'midzi ya kutsidya kwa mtsinje. Choncho chilengezo chimayesedwa ndi munthu womalizayo. Ngati iye wafika pa nthawi yake, ndiye kuti mpingo walengeza bwino, koma ngati wapeza anthu akutuluka, ntchitoyo inatsalira panjira ngakhale mlembi anawerenga mokweza.

Mipingo yambiri ya kumudzi m'Malawi muno ili kale ndi njira zofikira munthu aliyense. A CCAP ali ndi akulu a mpingo ndi atumiki amene amayang'anira madera awo, komanso amayi a Chigwirizano mu Sinodi ya Nkhoma ndi a Mvano mu Sinodi ya Blantyre. Akatolika ali ndi miphakati, akatekisiti ndi atsogoleri a nthambi za parishi. Vuto limabwera pamene atsogoleri ayiwala njira zimenezi n'kudalira chilengezo chimodzi cha paguwa.

Mbali imene nthawi ikusunthira

Kusintha nthawi kuli mitundu iwiri, ndipo kulemera kwake n'kosiyana. Mapemphero akachoka pa 8 koloko kupita pa 10 koloko, amene sanamve amafika msanga n'kudikira pamthunzi. Amatopa, mwina n'kudandaula, koma mapempherowo amawapeza. Akachoka pa 10 koloko kubwera pa 8 koloko, amene sanamve amafika zonse zitatha, atayenda mtunda wonse pachabe. N'chifukwa chake kubweza nthawi kuti ikhale yam'mawa kumafuna masabata ambiri olengeza ndiponso kuyendera anthu m'makomo.

Chitsanzo chabwino ndi mpingo wa kumudzi umene wagwirizana zoti uziyamba 8 koloko m'malo mwa 10 koloko, pofuna kuti abusa azitha kukafikanso kunthambi masana. Mudzi wakutali kwambiri uli pa makilomita 6. Munthu wachikulire woyenda ndi ndodo amatha makilomita pafupifupi 3 pa ola, motero ulendowo ndi wa maola awiri. Poyamba ankanyamuka 8 koloko, atasesa, atasamba ndiponso atamwa phala. Tsopano ayenera kunyamuka 6 koloko ndi kudzuka isanakwane 5 koloko. M'mwezi wa Okutobala zimenezi n'zotheka, chifukwa kumacha cha m'ma 5 koloko ndipo kuyenda kusanatenthe n'kothandiza. M'mwezi wa Juni dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko, ndipo kumadera okwera monga Dedza ndi Ntcheu kumakhala chisanu chimene wokalamba sangachipirire. Masamu amenewa ayenera kuchitika atsogoleri asanamange mfundo, ndipo amene angawadziwe bwino ndi mkulu wa mpingo wochokera kumudzi wakutaliko. Nthawi zina amaonetsa kuti kusinthako kuyambe mwezi wina, kapena kuti 9 koloko ndiyo ingakomere onse.

Mawu a chilengezo

Chilengezo chomveka chimakhala ndi mfundo zisanu: tsiku loyambira, nthawi yatsopano, nthawi yakale imene ikusiyidwa, malo, ndiponso ngati kusinthako n'kwa kanthawi kapena kokhazikika. Mlembi akhoza kunena motere: “Akhristu anzathu, mvetserani za nthawi. Kuyambira Lamulungu loyamba la mwezi wa Okutobala, mapemphero aziyamba 8 koloko m'mawa, osati 10 koloko. Malo ndi omwewa. Belu loyamba lizilira 7 koloko. Zikhala choncho Lamulungu lililonse mpaka tidzalengezenso. Ndibwereze: Lamulungu loyamba la Okutobala, 8 koloko m'mawa.”

Mawu ngati akuti “sabata yamawa” kapena “posachedwapa” sayenera kulowamo. Uthenga ukachoka m'tchalitchi umadutsa pakamwa pa anthu angapo, ndipo wina amaumva Lachitatu, wina Lolemba la sabata inayo. “Sabata yamawa” ya wolengeza siikhalanso “sabata yamawa” ya womvayo, pamene Lamulungu loyamba la Okutobala limakhala lomwelo kwa aliyense. Mlembi amathandizanso akawerengera anthu masabata otsala: kwatsala ma Lamulungu atatu, kwatsala awiri, lotsatira ndi lomwelo.

Nthawi yozungulira ngati 8 koloko imasungika m'mutu kuposa 7:45. Okalamba ambiri alibe wotchi, amayendera dzuwa ndi belu, choncho ndi bwino kuwonjezera chizindikiro chimene amachidziwa, monga kunena kuti a kutsidya azinyamuka dzuwa likungotuluka. Chifukwa chosinthira chinenedwe m'chiganizo chimodzi. Munthu akadziwa kuti abusa azipitanso kunthambi masana, amakumbukira yekha kuti nthawi yabwerera m'mawa, ndipo sangaisokoneze. Chifukwacho chikatalika, nthawi yeniyeniyo imamira m'mawu.

Malo a chilengezocho pa mndandanda wa zolengeza nawonso ndi ofunika. Zolengeza za Lamulungu zimachuluka: maukwati, zopereka, misonkhano ya makwaya, ntchito yokonza pamanda. Za nthawi zikaikidwa pakati pa zimenezi zimadutsa anthu akunong'onezana. Zinenedwe pazokha, koyambirira, kenaka wotsogolera azibwereze anthu asanabalalike. Wolankhula ayang'ane anthu ndi kulankhula mwapang'onopang'ono, chifukwa amene makutu awo anayamba kufooka amathandizidwa poona milomo. Kukuwa m'chimkuzamawu chosokosera sikuwonjezera kumveka. Kumene mpingo uli ndi anthu olankhula Chiyao, Chilomwe, Chisena kapena Chitumbuka, mfundo ya tsiku ndi nthawi inenedwenso m'chilankhulo chawo.

Masabata anayi ndi maina a anthu

Kwa mpingo wa m'chitsanzo chija, kulengeza kuyambe ma Lamulungu anayi tsikulo lisanafike. Masabatawa amafunika chifukwa mkhristu wa kumudzi akhoza kujomba kawiri kapena katatu motsatizana kaamba ka maliro, matenda kapena mtsinje wodzaza. Lamulungu loyamba mlembi amalengeza, ndipo mapemphero akatha akulu a mpingo amakhala pansi n'kulemba maina a anthu a m'madera awo amene sanaoneke. Pa dzina lililonse amalembapo munthu amene akamuuze. Kungoti “mukawauze anzathu amene sanabwere” sikukwanira, popeza aliyense amaganiza kuti mnzake wapita kale. Dzina likapatsidwa kwa munthu mmodzi, pamakhala womufunsa.

Sabata yachiwiri uthengawo umabwerezedwa pa misonkhano ya pakati pa sabata: ya amayi, ya achinyamata, ya kwaya ndi mapemphero a m'midzi. Amayi ndiwo amafika kwambiri m'makomo a odwala ndi okalamba, choncho atsogoleri awo apatsidwe mawu omwewo amene mlembi anawerenga. Ana a Sande Sukulu nawonso amanyamula uthenga mokhulupirika, makamaka kwa agogo amene amakhala nawo, koma ndi bwino kuwapatsa kapepala kolembedwa tsiku ndi nthawi ndi zilembo zazikulu, kuti kakasomekedwe kutsindwi kapena kuikidwa m'buku la nyimbo. Ngakhale mwini nyumba asadziwe kuwerenga, mdzukulu kapena woyandikana naye adzawawerengera. Lamulungu lachitatu akulu a mpingo amabweretsa mndandanda uja n'kunena amene afikiridwa ndi amene atsala, ndipo sabata yomaliza imakhala yoyendera otsalawo.

Foni ndi wayilesi zimathandiza, koma zili ndi malire. Gulu la WhatsApp limafika kwa okhawo amene ali ndi foni yamakono ndi ndalama za bandulo. Uthenga wolemba umafika pa foni iliyonse, koma foniyo ikhoza kukhala yothima masiku angapo kudikira kukatchajitsa kumsika, kapena ili ndi mdzukulu amene wapita kutauni. Kuyimba n'kodalirika chifukwa woyimba amamva yankho. Mawayilesi a m'madera, monga Mudzi Wathu ku Mchinji kapena Dzimwe ku Mangochi, amafika m'midzi yambiri, komabe wolengeza sadziwa amene anali pafupi ndi wayilesi pa ola limenelo. Njira zonsezi zikhale zowonjezera pa kuyendera anthu.

Kudziwa ngati uthenga wafika

Funso lakuti “Mwamva?” siliulula kanthu, chifukwa munthu waulemu amayankha kuti “Eya, tamva” ngakhale sanamvetse. Woyendera afunse funso lofuna kuti wofunsidwayo atchule yekha nthawi: “Agogo, nanga Lamulungu loyamba la Okutobala munyamuka nthawi yanji kuno?” Akayankha kuti anyamuka monga mwa masiku onse, ndiye kuti uthenga sunakhazikike ndipo ufotokozedwenso. Funsoli limaululanso mavuto ena, monga kusowa wowaperekeza m'mamawa kapena wowakweza panjinga, ndipo mpingo umakhala ndi nthawi yokonza.

Pali anthu ndi zinthu zina zimene zimaiwalika kawirikawiri. Woyimba belu auzidwe payekha, chifukwa kwa anthu ambiri belu ndilo wotchi, kaya ndi belu lenileni kapena limu ya galimoto yopachikidwa pamtengo. Likalira pa nthawi yakale, limafafaniza zonse zimene zinalengezedwa. Chikwangwani cha pamsewu chimene chidakali ndi nthawi yakale chikonzedwe kapena chiphimbidwe sabata yomweyo. Wosunga makiyi, okonza m'tchalitchi ndi aphunzitsi a Sande Sukulu adziwenso nthawi zawo zatsopano.

Tsiku loyamba lisakhale la Mgonero, la ubatizo kapena la chikondwerero chachikulu. Masiku otere ndi amene okalamba ndi akutali amalimbikira kufika, ndipo kuwaphonya kumawawa kwambiri. Ndi bwino kuyamba pa Lamulungu wamba, kuti podzafika tsiku lalikulu nthawiyo idzakhale itazolowereka.

Pa ma Lamulungu awiri kapena atatu oyamba, mkulu wa mpingo mmodzi atsale patchalitchi mpaka nthawi yakale itadutsa. Wofika mochedwa amulandire, apemphere naye, amufotokozere nthawi yatsopano popanda kumudzudzula, ndipo alembe mudzi umene wachokera. Ochedwa akakhala a m'mudzi umodzi, ndiye kuti uthenga unaduka m'dera limenelo ndipo woyang'anira derali apitenso. Chizindikiro china ndi mipando ya okalamba imene yakhala yopanda anthu masabata awiri otsatizana. Ena mwa iwo anamva bwinobwino koma nthawiyo yawakanika, ndipo sanena chifukwa safuna kuoneka ngati akutsutsa atsogoleri. Akulu a mpingo akawayendera n'kupeza kuti otere ndi ambiri, nkhaniyo ibwerere kubwalo la atsogoleri kuti nthawiyo iunikidwenso. Ngati yasinthidwanso, kulengeza kumayambiranso poyamba, ndi masabata ake anayi ndi mndandanda wake wa maina.