Kusandutsa zolemba za mwini golosale kukhala tebulo la katundu

Kumpoto kwa mzinda wa Johannesburg kuli dera la Fourways, ndipo pafupi nalo pali Diepsloot, komwe kuli magolosale ang'onoang'ono ambiri otchedwa spaza. Eni ake ambiri amawerenga katundu ndi kulemba m'kope mwachidule, monga amachitiranso a maokala muno mu kampu. Wothandiza pa kauntala akauzidwa kuti akonze zolembazo, amajambula tebulo la magawo anayi: katundu, kuchuluka, mtengo wa chimodzi ndi zonse pamodzi. Kuchulukitsa manambala sikuvuta. Chimene chimasokoneza n'chakuti mwini golosale amaoda m'mabelo ndi m'mathireyi koma amagulitsa chimodzichimodzi, ndipo m'kope amasakaniza ziwirizi.

Tiyerekeze kuti m'kope mwalembedwa mizere inayi iyi, ndipo mitengo yake ndi yachitsanzo chabe, m'marandi: "shuga 2kg, 3 belo + 4, 380", "Koka 2L, 5 paki, 132", "mazira 2 thireyi + 11, 75", "sopo 18, 14".

Musanalembe kalikonse, funsani mwiniwake mafunso awiri pa mzere uliwonse: m'belo kapena m'paki muli zingati, nanga nambala yakumapetoyo ndi mtengo wa chiyani? Apa tinene kuti belo la shuga lili ndi mapaketi 10 ndipo R380 ndi mtengo wa belo lonse. Mabelo 3 ndi mapaketi 30, kuonjezapo 4 aja otsala m'belo lotsegula, akwana 34. Paketi imodzi ndi R380 kugawa ndi 10, yomwe ndi R38. Koka ali mabotolo 6 pa paki, choncho ndi mabotolo 30 pa R22 lililonse. Thireyi ya mazira imakhala ndi 30: mazira onse ndi 71, limodzi R2.50. Sopo yekha ndi amene analembedwa kale pa mtengo wa mmodzi.

| Katundu | Kuchuluka | Mtengo wa chimodzi | Zonse pamodzi |
|---|---|---|---|
| Shuga, paketi ya 2kg | 34 | 38.00 | 1,292.00 |
| Koka, botolo la 2L | 30 | 22.00 | 660.00 |
| Mazira, limodzi | 71 | 2.50 | 177.50 |
| Sopo, mmodzi | 18 | 14.00 | 252.00 |

Katundu yense wakwana R2,381.50. Onani kuti kukula kwa chinthu kwalembedwa pamodzi ndi dzina lake. Shuga wa 1kg akanakhalapo, akanafuna mzere wakewake, chifukwa mtengo wake ndi wina.

Mukanachulukitsa mapaketi 34 ndi R380, shuga yekha akanaoneka ngati wa R12,920, kuposa kasanu katundu yense wa m'tebulomu. Mwini golosale angaganize kuti mpamba wake ulipo wochuluka pamene palibe, ndipo mwezi wotsatira, manambala akatsika, woyamba kukayikiridwa kuti waba ndi inu wa pa kauntala. Njira yodziwira n'njosavuta: werengani mtengo wa chimodzi mokweza n'kudzifunsa ngati munthu angagule paketi imodzi ya shuga pa mtengo umenewo.

Pa gawo la mtengo muzilemba woodera kapena wogulitsira? Ngati cholinga n'kudziwa ndalama zimene zagona pa mashelefu, lembani woodera m'mizere yonse, ndipo muutenge pa lisiti, osati pamtima. Ku South Africa msonkho wa VAT ndi 15 pa 100 iliyonse, ndipo malisiti ena a kumaholoselo amaonetsa mtengo wopanda msonkho pa mzere uliwonse, msonkhowo n'kuuika pansi. Golosale yomwe sinalembetse za VAT siibwezeredwa ndalamayi, choncho mtengo wake weniweni ndi wophatikiza msonkho. Koma musaonjezere 15 pa chilichonse: mazira ndi ufa wa chimanga salipiritsidwa msonkhowu, pamene shuga, sopo ndi zakumwa zimalipiritsidwa.

Nambala yosaoneka bwino, monga 1 wofanana ndi 7, musaiganizire. Pitani pa shelefu mukawerengenso. Katundu amene watengedwa pangongole salowa m'tebulo lino chifukwa wachoka kale, ndipo mazira osweka muwachotse pa kuchuluka. Pamwamba lembani tsiku limene mwawerenga.

Amene muli ndi Excel kapena Google Sheets pa foni, ikani mitu pa mzere woyamba, kenako lembani izi mu D2 (n'kukokera pansi mpaka D5) ndi mu D6:

```
=B2*C2
=SUM(D2:D5)
```

M'magawo a manambala musalembemo mawu ngati "3 belo". Makompyuta ambiri a ku South Africa amafuna 2,50 m'malo mwa 2.50. Nambala ikakhala kumanzere kwa kabokosi kake, kapena D4 ikaonetsa `#VALUE!`, ndiye kuti kompyuta yaiwerenga ngati mawu: fufutani n'kuilembanso ndi chizindikiro chinacho.