Lithiyamu: mapiritsi ake ndi omwewo, koma madzi akachepa m'thupi amasanduka poizoni

Anthu ambiri amene amafika kuchipatala atavulazidwa ndi lithiyamu sakhala kuti anamwa mapiritsi ochuluka. Amakhala atamwa ndendende monga mmene dokotala anawauzira, usiku uliwonse, kwa zaka. Chimene chimakhala chitasintha ndi thupi lawo: anatsegula m'mimba, anagwira ntchito padzuwa osamwa madzi okwanira, kapena anayamba mankhwala ena a mutu kapena a kuthamanga kwa magazi. Ichi ndicho chinthu chimene wodwala aliyense womwa mankhwalawa, pamodzi ndi apabanja pake, ayenera kuchimvetsa.

Lithiyamu amaperekedwa kwa anthu odwala bayipola. Awa ndi matenda a maganizo amene munthu amakhala ndi nyengo ziwiri zosiyana kwambiri. Nyengo ina amakhala ndi mphamvu zopyola muyeso, sagona, amalankhula mosalekeza, amamwaza ndalama ndi kudziona ngati angathe chilichonse. Nyengo ina amagwa mphwayi, amakhala wachisoni kwa masabata ambiri, mwinanso kuganiza zodzipha. Dokotala wina wa ku Australia, John Cade, ndiye analemba mu 1949 kuti mchere wa lithiyamu unakhazika pansi odwala ake amene anali m'nyengo yotakasuka ija. Pambuyo pake Mogens Schou wa ku Denmark anachita kafukufuku amene anathandiza kuti madokotala awakhulupirire mankhwalawa. Mpaka lero lithiyamu ali m'gulu la mankhwala odalirika kwambiri poletsa kuti nyengo ziwirizi zisamabwerebwere, ndipo amachepetsa chiopsezo chodzipha. Ine sindikufuna kuti wina aliyense awerenge nkhaniyi n'kutaya mapiritsi ake. Ndi mankhwala abwino, kungoti amafuna kuwadziwa.

Chaka chomwecho cha 1949, ku America kunachitika zimene zinaonetsa mbali ina ya mankhwalawa. Odwala mtima amene analetsedwa mchere ankagula lithiyamu kuti azithira m'zakudya m'malo mwa mcherewo. Ambiri anadwala ndipo ena anamwalira. Anali anthu amene matupi awo anali kale ndi mchere wochepa, ndipo chifukwa chake tichiona posachedwa. America inadzavomereza lithiyamu ngati mankhwala a bayipola mu 1970.

Pa mankhwala ambiri, pakati pa mlingo wochiza ndi mlingo wovulaza pamakhala mpata waukulu. Pa lithiyamu mpatawo ndi wopapatiza. Kuchuluka kwake m'magazi kumalembedwa pa pepala la ku labu ndi chizindikiro cha mmol/L. Kwa odwala ambiri dokotala amafuna kuti nambalayo ikhale pakati pa 0.6 ndi 1.0, ndipo kwa okalamba amaitsitsako. Ikapitirira 1.5 zizindikiro za poizoni zimayamba kuoneka, ndipo ikadutsa 2.0 moyo umakhala pachiswe. Choncho munthu amene ali bwinobwino pa 0.8 amangofunika kuti nambala yake iwirikize kawiri basi kuti alowe m'mavuto.

Nanga nambalayo ingakwere bwanji pamene mapiritsi sanasinthe? Yankho lili mu impso. Chiwindi sichiphwanya lithiyamu monga chimachitira ndi mankhwala ena. Amalowa m'magazi ali momwemo ndipo amatuluka ali momwemo, pafupifupi yense kudzera mu mkodzo. Tsono impso sizisiyanitsa bwino lithiyamu ndi sodiyamu, amene ali mu mchere wathu wa m'ndiwo. Thupi likataya madzi ndi mchere, impso zimayamba kuumira: zimabweza mchere m'magazi m'malo moutaya, ndipo lithiyamu amabwerera nawo limodzi. Zili ngati mphika wa ndiwo umene waiwalika pamoto. Simunawonjezere mchere, koma msuzi ukaphwera ndiwozo zimawawa. M'thupi zimaposa pamenepo, chifukwa usiku uliwonse wodwala akuwonjezera piritsi lina pamene la dzulo silinatuluke.

Tiyerekeze mayi wa zaka 52, wogulitsa tomato pamsika, amene wakhala akumwa mamiligalamu 800 usiku uliwonse kwa zaka zingapo, ndipo magazi ake amaonetsa 0.8. Mu Ogasiti apita kuchipatala chaching'ono cha kwawo, ampeza ndi bipi yokwera, ampatsa hayidulokolothayazayidi, kapiritsi kakang'ono kokodzetsa kamene odwala bipi ambiri amayambira. Buku lake la kuchipatala cha matenda a maganizo anasiya kunyumba ndipo sanatchule za lithiyamu. Kapiritsi kameneka kamachotsa mchere m'thupi, impso n'kuyamba kubweza lithiyamu. Nambala ija ikhoza kufika pa 1.1 iye osamva kalikonse.

Ndiye ufike Okutobala. Dzuwa likuswa mtengo, mayi uja akukhala pamsika tsiku lonse thukuta lili kamukamu, ndipo akudziletsa kumwa madzi chifukwa chimbudzi n'cholipira. Lachiwiri atsegula m'mimba. Chakudya sichikulowa, thupi likuphwanya, ndiye atuma mwana kukagula bulufeni pagolosale. Bulufeni, indosidi ndi dayikulofenaki amachepetsa magazi opita ku impso, motero lithiyamu amatuluka pang'ono kuposa kale. Mapiritsi ake a usiku sakudumphitsa, pakuti anauzidwa kuti asamadumphitse, ndipo akukumbukira mmene matenda anamuchititsira manyazi ulendo womaliza.

Pofika Lachisanu manja akunjenjemera moti tiyi akutayika m'kapu. Akuyenda modzandira, akugwira khoma popita kubafa, mawu akutuluka mokoka ngati woledzera, ndipo akungofuna kugona. Apa ndi pamene mabanja ambiri amasochera. Wina amati mayi ayamba mowa. Wina amati matenda aja abwereranso, tiwakakamize amwe mankhwala. Wina amaganiza za sitiroko kapena malungo. Atamuyeza magazi tsiku limenelo, nambala ikhoza kupezeka ili pa 2.0 kapena kupitirira. Choipitsitsa n'chakuti lithiyamu akachuluka, iye mwini amayambitsa kusanza ndi kutsegula m'mimba. Madzi amatayikanso, impso zimaumiranso, nambala imakwereranso. Wodwala sangatuluke yekha m'vuto limeneli pongodikira kuti m'mimba mudzasiya mokha.

Kunjenjemera kumafuna kukuonetsetsa, chifukwa anthu ambiri omwa lithiyamu amanjenjemera pang'ono ngakhale zonse zili bwino. Kunjenjemera kwa masiku onse ndi kwa zala, kwakung'ono, koonekera munthu akatambasula dzanja kapena akamalemba. Ludzu, kukodza pafupipafupi ndi kamseru kochepa m'masabata oyamba nazonso ndi zachizolowezi. Kunjenjemera kwa poizoni n'kwina: dzanja lonse limagwedezeka, munthu amalephera kumanga batani la malaya kapena kufikitsa supuni kukamwa. Kukabwera pamodzi ndi kusanza, kutsegula m'mimba, kudzandira, kulankhula mokoka, kuona zinthu mwachimbuuzi, minofu kudumphadumpha yokha kapena tulo tosadziwika bwino, musadikire kuti kuche. Zikapitirira, munthu amasokonezeka mutu, amakomoka ngati wa khunyu, ndipo ena amene apulumuka amatsala akuyenda modzandira moyo wawo wonse chifukwa mbali ya ubongo yowongolera mayendedwe inavulala.

Choyenera kuchita zizindikirozi zikaoneka n'chachidule. Wodwala asamwe piritsi lotsatira. Ngati akutha kumeza, amwe madzi kapena Thanzi, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo atanyamula mapaketi a mankhwala onse amene akumwa, ogula pagolosale omwe. Pofika, mawu oyamba kwa namwino akhale akuti munthuyu amamwa lithiyamu. Kuchipatala amaimitsa mankhwalawo, amaika diripu ya madzi amchere kuti impso ziyambenso kutulutsa, amayeza magazi mobwerezabwereza, ndipo zikafika poipa amasefa magazi ndi makina a dayalisisi. Makala amene amapatsidwa kwa omwa poizoni wina sagwira lithiyamu, choncho kusinja makala kapena kumwetsa mkaka kunyumba n'kutaya nthawi. Ndipo nambala ikatsika m'magazi, mu ubongo lithiyamu amachedwa kutuluka, motero wodwala akhoza kukhalabe wodzandira kwa masiku angapo. Okalamba ndi amene amwa mankhwalawa kwa zaka zambiri amatha kuonetsa zizindikiro ngakhale nambala isanafike pa 1.5. Dokotala wabwino amayang'ana mmene munthu akuyendera ndi mmene akulankhulira, osati pepala lokha.

Kuyeza magazi kuli ndi lamulo limene odwala ambiri sauzidwa momveka. Magazi amatengedwa patapita maola 12 chimwereni piritsi lomaliza. Amene anamwa 8 koloko usiku ayezedwe cha m'ma 8 koloko m'mawa, ndipo ngati amamwanso m'mawa, adikire kaye mpaka atatengedwa magazi. Akayezedwa patangopita maola awiri kapena atatu, nambala imaoneka yokwera monyenga, dokotala n'kuchepetsa mankhwala pachabe. Akayezedwa mochedwa kwambiri imaoneka yotsika, dokotala n'kuwonjezera, zimene zili zoopsa kuposa zoyambazo. Munthu akangoyamba kapena mlingo ukasinthidwa, amadikira masiku 5 mpaka 7 kuti mankhwala akhazikike m'thupi, kenako amayeza sabata iliyonse mpaka nambala itaima pamodzi. Pambuyo pake amayeza miyezi itatu iliyonse, ndipo ena okhazikika bwino miyezi 6 iliyonse. Impso ndi chithokomiro nazo zimayezedwa kawiri pachaka, chifukwa lithiyamu womwedwa kwa nthawi yaitali amatha kuzifooketsa. Mayi amene akufuna kutenga pakati akambirane ndi dokotala asanatenge.

N'chifukwa chake malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati lithiyamu aperekedwe pokhapokha pamene pali njira yoyezera magazi. Kumene labu yotere kulibe, madokotala amasankha mankhwala ena monga kabamazepini kapena valupuloweti, ngakhale kuti valupuloweti ndi woopsa kwa mwana wosabadwa. Nkhawa yanga ili pa abale athu amene anayamba lithiyamu ku Joni kapena ku Mangalande, n'kubwera kumudzi ndi mapaketi a miyezi itatu. Amachoka kozizira n'kufika kotentha, madzi akumwa asintha, m'mimba muvuta, ndipo chipatala chapafupi sichingayeze nambala ija. Wotere asananyamuke ayezetse, afunse dokotala wake chochita akadwala m'mimba kapena malungo, ndipo ayende ndi kabuku kolembamo zotsatira za magazi ake.

Za tsiku ndi tsiku n'zosavuta kuzisunga. Madzi azimwedwa mokwanira, makamaka kukatentha, potentha thupi ndi pogwira ntchito yolemetsa. Mchere wa m'zakudya ukhale wofanana masiku onse, osauleka mwadzidzidzi chifukwa wina wanena kuti umakweza bipi. Mutu ukawawa, panado ndiye sasokoneza lithiyamu. Mankhwala a bipi monga enalapulilu nawo amakweza nambala ija, choncho aliyense wolemba mankhwala auzidwe za lithiyamu asanalembe. Kusala kudya ndi kumwa, kaya kwa mapemphero a kuphiri kaya kwa mwezi wa Ramadani, kukambidwe ndi dokotala kusanayambe. Ndipo kudumphitsa piritsi chifukwa cha zizindikiro za poizoni kusasanduke kusiyiratu mankhwala mwa wekha: amene aleka lithiyamu mwadzidzidzi matenda amawabwerera msanga, nthawi zambiri m'miyezi yochepa, choncho tsiku loyambiranso ndi mlingo wake anene ndi dokotala ataona magazi ndi impso.