Deta ikasowa, kasitomala mumulembera chiyani?

Usiku wa pa 31 Januwale 2017, injiniya wina wa kampani ya GitLab anali kukonza vuto pa makompyuta osunga deta ya kampaniyo. GitLab ndi malo a pa intaneti amene akatswiri olemba mapulogalamu amasungako ntchito zawo. Kampaniyi inali ndi maseva awiri, yaikulu imene anthu amagwiritsa ntchito, ndi yachiwiri imene imakopera zonse zochitika mu yaikuluyo. Yachiwiriyo inali itatsalira m'mbuyo, ndiye injiniyayo anaganiza zoifufuta kuti iyambirenso kukopera. Lamulo lofufuta analilemba bwinobwino, koma analilemba pa seva yaikulu. Pamene ankazindikira n'kuliimitsa, patangotha kamphindi, deta yokwana pafupifupi magigabaiti 300 inali itapita.

Ngozi zotere zimachitika, ngakhale kwa akatswiri. Chimene nkhaniyi imakumbukiridwa nacho mpaka lero ndi chikalata chimene kampaniyi inalembera makasitomala ake pa 10 Febuluwale chaka chomwecho. Aliyense amene amasunga zinthu za anthu ena pa kompyuta, kaya ndi mabuku a ndalama, mayina a odwala kapena malipiro a antchito, angaphunzirepo kalembedwe ka kalata yovutayi.

Munthu amene walandira kalata yotere safuna kuyamba ndi mbiri ya maseva anu. Funso lake ndi limodzi: zanga zilipo? GitLab inayankha funsoli koyambirira, ndipo inayankha ndi wotchi. Zonse zimene anthu analowetsa kapena kusintha m'nkhokwe ya deta pakati pa 17:20 ndi 00:00 pa nthawi ya UTC tsiku limenelo zinatayika ndipo sizinabwezedwe. Inayerekeza kuti zinakhudza mapulojekiti pafupifupi 5,000, ndemanga pafupifupi 5,000 ndi maakaunti atsopano pafupifupi 700. Inanenanso zimene sizinakhudzidwe: mapulogalamu enieniwo amene anthu anasunga, chifukwa ankakhala pamalo ena, komanso makampani amene amayendetsa GitLab pa maseva awoawo.

Maola awiriwa ndiye mtima wa kalata yonse. Amene anamva kuti “deta ina inasokonekera” alibe poyambira. Ayenera kukayikira chilichonse chimene anasunga chiyambireni. Koma amene wauzidwa maola enieni amangodzifunsa kuti madzulo amenewo anagwira ntchito yanji, n'kuibwereza. Ngati mukulembera kasitomala mmodzi, muchitireni chifundo pomusinthira nthawiyo kukhala ya kwawo. Kwa munthu wa ku Lilongwe kapena ku Lusaka, 17:20 ya UTC ndi 19:20 madzulo, ndipo 00:00 ndi 02:00 usiku. Chiganizo chake chingakhale chonchi: “Zonse zimene munalowetsa Lachiwiri kuyambira 19:20 madzulo mpaka 02:00 usiku zinatayika ndipo sitingathe kuzibweza. Tikupemphani kuti muzilowetsenso. Zakale zonse zilipo.” Muonjezenso chiganizo china chonena ngati detayo inangofufutika kapena ngati munthu wakunja anaiona. Izi ndi nkhani ziwiri zosiyana, ndipo mukapanda kunena, wowerengayo aganiza zoipitsitsazo.

Gawo lofotokoza chimene chinachitika ndi limene ambiri amazembera. N'kosavuta kuloza chala munthu mmodzi, kunena kuti wantchito wina analakwitsa ndipo talankhula naye. GitLab sinatero. Inafunsa chifukwa chake kulakwitsa kwa munthu mmodzi kunatha kuwononga zambiri chonchi, ndipo yankho lake linali lochititsa manyazi kuposa kufufutako. Kampaniyi inali ndi njira zingapo zosungira makope a deta, zija amati bakapu, koma itazifuna inapeza kuti sizikuthandiza.

Imodzi mwa njirazi ndi yofunika kuiona bwino. Tsiku lililonse pulogalamu yotchedwa pg_dump inkayenera kukopera nkhokwe yonse n'kuitumiza kumalo osungira a Amazon. Atapita kukayang'anako anapeza mulibe kanthu. Chifukwa chake chinali chakuti pg_dump imene inkagwira ntchitoyo inali ya PostgreSQL 9.2 pamene nkhokweyo inali ya PostgreSQL 9.6, ndiye inkangolephera. Ikalephera inkatumiza imelo yochenjeza, koma maimelowo ankakanidwa ndi seva yolandira makalata chifukwa analibe chizindikiro chowatsimikizira. Choncho alamu inkalira m'chipinda mopanda munthu. Aliyense ankakhulupirira kuti makope alipo chifukwa panalibe amene anamva kuti palibe, ndipo panalibe munthu amene anapatsidwa udindo woyesa kubweza deta kuchokera m'makopewo.

Chimene chinawapulumutsa chinali mwayi. Injiniya anali atatenga kope la disiki nthawi ya 17:20, osati ngati bakapu, koma pofuna kuyeserera zinthu zina pa seva yoyeserera. N'chifukwa chake malire a zotayika akuyambira pa ola limenelo. Kukopera deta kuchokera ku seva yoyesererayo kunatenga maola pafupifupi 18 chifukwa madisiki ake anali oyenda pang'onopang'ono, ndipo malowo anatsegulidwanso pa 1 Febuluwale. Ntchito yobwezayo anaionetsa pa YouTube anthu akuonerera. Izi ine sindingalangize aliyense. Kalata yomveka ndi yokwanira.

Kodi kasitomala wamba afunika kumva za PostgreSQL 9.2? Ayi. Makasitomala a GitLab ndi akatswiri a makompyuta, ndiye anawalembera m'chilankhulo chawo. Kwa mwini sitolo kapena mkulu wa sukulu, mfundo yomweyo imakwana m'ziganizo ziwiri: “Makina athu otenga makope anali atasiya kugwira ntchito ndipo sitinadziwe, chifukwa uthenga wotichenjeza sunkatifika. Tinabweza deta yanu kuchokera ku kope lina limene linatengedwa maola angapo ngoziyo isanachitike.” Mawu aukatswiri mutha kuwachotsa, koma choonadi chakuti bakapu inalephera chisachoke. Kasitomala akadzachitulukira yekha, sadzakhulupiriranso ndime ina iliyonse ya kalatayo.

Pamafunikanso kusiyanitsa zimene zakonzedwa kale ndi zimene zikulonjezedwa. Makalata ambiri amasakaniza dala ziwirizi kuti zioneke ngati zonse zatheka. GitLab inalemba mndandanda wa ntchito zoti ichite, iliyonse ndi malo ake pa intaneti pamene aliyense akanatha kuona ngati yatha kapena ayi. Zina mwa izo zinali kuika njira yoyang'anira ngati makope akutengedwadi, kutenga makope a disiki ola lililonse m'malo mwa kamodzi patsiku, kuyesa kawirikawiri kubweza deta kuchokera m'makope, kusintha maonekedwe a pa sikirini kuti injiniya azidziwa msanga seva imene ali, ndi kusankha munthu mmodzi woyankha pa chitetezo cha deta. Onani kuti lonjezo lililonse likuyankha vuto limene latchulidwa kale m'chikalatacho. Lonjezo loti “tilimbitsa chitetezo” silingayezedwe. Loti “kuyambira mwezi wamawa tiziyesa kubweza deta yanu mwezi uliwonse, ndipo tizikutumizirani zotsatira” kasitomala angalisunge n'kudzakufunsani nalo.

Kupepesa kunalipo, ndipo kunachokera kwa mkulu wa kampaniyo, Sid Sijbrandij, m'dzina lake, osati m'dzina la dipatimenti. Kunali kwachidule. Chikalata chonsecho chinatuluka patatha masiku khumi, koma anthu sanadikire masiku khumiwo mumdima, chifukwa uthenga woyamba unaperekedwa usiku womwewo, kenako wina tsiku lotsatira. Kawirikawiri makalata amakhala awiri: yachangu yonena zimene zadziwika, zimene kasitomala achite pakadali pano ndi tsiku limene adzamvenso kwa inu, kenako yaitali yofotokoza gwero la vutolo kafukufuku akatha. M'kalata yachanguyo musalembe kuti palibe chatayika musanatsegule makope anu n'kuona zimene zilimo.