Mawu Otsekera Imelo Musanalembe Dzina

Polembera abwana kapena bungwe lomwe simulidziwa, tsekani ndi "Ine wanu wokhulupirika," kenako dzina lonse ndi udindo wanu pamzere wapansi. M'Chingelezi cha ku Britain muli lamulo lakale: mukayamba ndi Dear Sir mumatseka ndi Yours faithfully, koma mukatchula dzina la munthuyo mumalemba Yours sincerely.

Imelo ikamapita n'kumabwera, ulemu wolemerawo umayamba kutopetsa. Ofunsira ntchito ayambe mwaulemu. Akayankhidwa ndi Kind regards, nawonso angatsike kufika pomwepo, osapitirira. Regards payekha amamveka ouma, makamaka ngati mwangosiyana maganizo.

Kwa mnzanu wa muofesi "Zikomo" akukwana. "Ine wako" musungire wapamtima, chifukwa imelo ya kuntchito imatha kutumizidwanso kwa ena.