Zimene maminitsi a msonkhano wa opereka thandizo ayenera kunena

Bungwe laling'ono likakumana ndi opereka thandizo kuti aone pamene ntchito yafika, anthu amakambirana kwa maola angapo kenako n'kubalalika. Chotsala ndi maminitsi. Oyendera mabuku a ndalama akadzabwera pamapeto a pulojekiti, adzafuna kuona zimene zinalembedwa, chifukwa pa nthawiyo aliyense amakumbukira zake.

Tiyerekeze kuti bungwe linalonjeza mijigo 10 pofika kumapeto kwa Marichi. Pamsonkhano wa mu Januwale, mijigo 6 yakumbidwa, koma yoikidwa pampu ndi 4 yokha. Mlembi wapachangu alemba kuti mijigo 6 yatheka, ndipo apa zalakwika kale. Mjigo umatheka madzi ake akayezedwa, pampu ikaikidwa, komiti ya m'mudzi ikaphunzitsidwa kuusamalira, amayi n'kuyamba kutunga. Maminitsi abwino anena kuti yotheka ndi 4, yodikira pampu ndi 2, ndipo 4 sinayambidwe chifukwa galimoto yokumbira ikutitimira m'matope.

Povuta kwenikweni ndi pa kusintha ndondomeko ya ntchito. Bungwe lipempha kuti mijigo yotsalayo idzakumbidwe mvula ikatha, ntchito ithe mu Juni. Lipemphanso kuti ndalama zina za maphunziro zipite kogulira mapaipi amene akwera mtengo, monga zinavutira mabungwe ambiri kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Woimira opereka thandizo agwedeza mutu n'kunena kuti zikumveka. Kodi wavomera? Nthawi zambiri iyeyo sakhala ndi mphamvu yosintha mgwirizano payekha, amakapereka nkhaniyo kwa akuluakulu ake. Mlembi akalemba kuti "anagwirizana" pamene anangokambirana, bungwe ligula mapaipi lili ndi mtima m'malo, kenako lidzauzidwa kuti libweze ndalamazo popeza zinagwira ntchito yosavomerezedwa. Kwa bungwe laling'ono, ngongole yotereyi ikhoza kulitseketsa.

N'chifukwa chake ndimaona kuti mzere umenewu uzilembedwa mosabisa: pempho laperekedwa, yankho silinabwere. Pansi pake palembedwe kuti mkulu wa pulojekiti atumiza kalata ndi bajeti yokonzedwanso pofika pa 31 Januwale, opereka thandizo ayankha mwa kalata pofika tsiku lakuti, ndipo ndalama sizisunthidwa mpaka kalatayo itafika. Palembedwenso ngati miyezi itatu yowonjezerayo ikubwera ndi ndalama zina kapena ayi, chifukwa malipiro a antchito ndi mafuta a galimoto za Epulo mpaka Juni ziyenera kukhala ndi kochokera.

Maminitsi atumizidwe kwa onse sabata isanathe, anthu adakali kukumbukira, ndipo mbali zonse ziwiri zisayine. Msonkhano wotsatira uyambe ndi mndandanda wa zolonjezedwazo. Ntchito imene yalembedwa kuti "ili mkati" pamisonkhano iwiri yotsatizana, popanda dzina la woichita ndi tsiku loimaliza, kawirikawiri imakhala kuti inaima kalekale.