Timawu tiwiri ta Chifalansa: y ndi en

Mfalansa ukamufunsa kuti *Tu vas au marché?* (ukupita kumsika?), sabwereza dzina la msikalo. Amangoti *Oui, j'y vais*. Ife timati "eya, ndikupitako". Ntchito imene -ko, -po ndi -mo amagwira m'Chichewa ndiyo imene *y* amagwira: amalowa m'malo mwa dzina la malo lotsogozedwa ndi mperekezi monga *à*, *dans* kapena *sur*. Kungoti kathu timakamata kumapeto kwa mneni, pamene *y* amakhala kutsogolo kwake.

*Y* amaimiranso chinthu chobwera pambuyo pa *à*. *Je pense à l'examen* (ndikuganiza za mayeso) amasanduka *J'y pense*. Akakhala munthu zimasintha, amati *Je pense à elle*.

Amene amavutitsa kwambiri ndi *en*, ndipo ine ndimaona kuti ndiye woyenera kumutayira nthawi. Iyeyu amalowa m'malo mwa *de* ndi dzina lotsatira, kuphatikizapo *du*, *de la* ndi *des*. Tibwerere kumsika kuja. Mnzako wafunsa kuti *Tu achètes des tomates?* (ukugula matimati?). Yankho ndi *Oui, j'en achète*. Ukafuna kutchula kuchuluka kwake, nambala imatsalira kumbuyo kwa mneni koma *en* sachoka: *J'en achète cinq*. Apa ndi pomwe olankhula Chichewa timapunthwa, chifukwa kwathu "ndikugula asanu" ndi chiganizo chokwanira. Ukangoti *J'achète cinq*, khutu la Mfalansa limadikirabe kumva kuti asanuwo ndi chiyani. Choncho nambala ikaima yokha pambuyo pa mneni, kapena mawu ngati *beaucoup*, yang'ana ngati *en* alipo.

Nanga amakhala pati kwenikweni? Mneni akakhala mmodzi, amagundana naye kutsogolo. Pokamba zakale, pomwe pamakhala mneni wothandizira, amatsogolera wothandizirayo: *J'en ai acheté cinq*, *J'y suis allé*. Koma wachiwiri akakhala wosasinthidwa, wothera ndi -er, -ir kapena -re, kamawuko kamasunthira kwa iye, popeza ndiye mwini nkhani: *Je vais en acheter*. Pokana, *ne* amayamba, kamawuko n'kutsatira: *Je n'y vais pas*.

Polamula munthu kuti achite chinthu m'pamene timawuti timapita kumbuyo. *Va* (pita) amasanduka *Vas-y*, *mange* (idya) amasanduka *Manges-en*. Onani s wawonjezekayo. Amamveka ngati z, ndipo alipo pofuna kuti mawu awiriwo alumikizane bwino pakamwa. Lamulo likakhala loletsa, amabwereranso kutsogolo: *N'y va pas*.

Onse awiri akakumana, *y* ndiye amayamba. Wogulitsa ukamufunsa ngati matimati akadalipo, adzakuyankha kuti *Il y en a*, kapena, ngati atha, *Il n'y en a plus*.